Kalata ya Boma Ndi Tsiku Lomaliza: Nkhani ya Makaniko wa ku Joni

Kalata yochokera ku ofesi ya boma kapena ku khothi imanena zinthu ziwiri. Choyamba ndi chigamulo kapena pempho: akana, avomera, akufuna ndalama, akuitana. Chachiwiri ndi nthawi imene wolandira kalatayo wapatsidwa kuti achitepo kanthu. Anthu ambiri amawerenga choyambacho n'kuima pomwepo, chifukwa ndi chimene chimagunda mtima. Koma kawirikawiri chimene chimapulumutsa kapena kugwetsa munthu ndi chachiwiricho. Chigamulo choipa chimatha kusinthidwa ngati munthu wadandaula m'nthawi yake, pamene mlandu wabwino umatha kufa chifukwa chochedwa ndi tsiku limodzi.

Kwa munthu amene akugwira ntchito kunja, vutoli limakula. Kalata imabwera m'Chingerezi cha malamulo, chosiyana ndi cholankhula kuntchito. Mwini wake amaijambula pafoni n'kutumiza chithunzicho kwa m'bale kapena mnzake wodziwa kuwerenga, ndi funso lakuti, "Ikuti chiyani?" Funsoli ndi labwino koma ndi loperewera. Nkhani yotsatirayi ndi chitsanzo chongoyerekeza, chokhazikika pa malamulo enieni a dziko la South Africa ndi kalendala ya mwezi wa Epulo chaka cha 2025. Ikusonyeza mmene funso lachiwiri, lakuti "Pofika liti?", limasinthira zonse.

Chithunzi cha theka la kalata

Bambo wina wa ku Malawi ankagwira ntchito ya umakaniko pa galaja ina mumzinda wa Johannesburg. Pemiti yake yokhalira ndi kugwira ntchito inali kuyandikira kutha, ndipo anali atapereka kale pempho loti iwonjezeredwe. Ku South Africa mapempho otere amagamulidwa ndi dipatimenti ya Home Affairs, koma amaperekedwa ndi kutengedwa kudzera ku maofesi a kampani ya VFS Global. Lolemba pa 14 Epulo bamboyu anapempha theka la tsiku kuntchito, nakatenga envulopu yake, nasayina kuti walandira. Atatsegula anapeza kalata m'malo mwa pemiti.

Madzulo ake anayala kalatayo pabedi naijambula. Kuti malemba aoneke aakulu anayandikitsa foni, choncho chithunzi chinagwira chizindikiro cha boma, dzina lake, deti ya 27 Malichi imene kalatayo inalembedwa, ndi ndime yofotokoza chifukwa chokanira. Kumunsi kwa pepala sikunalowe. Anatumiza chithunzicho pa WhatsApp kwa mchemwali wake, mphunzitsi wa ku Zomba.

"Achemwali, tandionereni kalatayi. Ikuti chiyani?"

"Pepani achimwene, akukanani. Akuti pa mapepala anu panalibe kontrakiti yosayinidwa ndi inuyo komanso abwana anu."

Mchemwaliyo sanalakwitse kumasulira. Anayankha zimene anafunsidwa, malinga ndi zimene anaona. Bamboyo anapinda kalata naiika m'thumba la pasipoti. Anaganiza kuti nkhaniyi aiona kumapeto a mwezi akalandira malipiro, poti chilichonse chokhudza mapepala chimafuna ndalama.

Pa tsiku la Pasaka, Lamulungu pa 20 Epulo, atatuluka m'tchalitchi, anafotokozera mkulu wina wa kwawo amene wakhala ku Joni zaka zambiri. Mkuluyo sanafunse chifukwa chimene anamukanira.

"Akupatsani masiku angati?"

"Masiku a chiyani, bambo?"

"Kalata yokana siithera pokana. Kaiwerengeni mpaka pansi."

Atafika kunyumba anaitambasula yonse. M'munsi munali ndime yaifupi yonena kuti ali ndi ufulu wopempha kuti chigamulocho chiunikidwenso, pasanathe masiku 10 ogwira ntchito kuchokera pamene walandira kalatayo. Masiku atatu anali atapita kale kalata ili m'thumba.

Kumene masiku 10 achokera

Ndime imeneyi si chifundo cha wolemba kalata. Imachokera mu gawo 8 la lamulo loona za olowa ndi otuluka m'dziko la South Africa, lomwe ndi lamulo nambala 13 la chaka cha 2002. Gawoli limati chigamulo chokhudza ufulu wa munthu chiperekedwe molemba ndiponso chikhale ndi zifukwa. Wosakhutira ali ndi masiku 10 ogwira ntchito oti apemphe mkulu wa dipatimenti kuti aunikenso. Ngati mkuluyo wakananso, pali masiku ena 10 ogwira ntchito oti apemphe nduna. Choncho apilo ili ndi makwerero awiri, ndipo lililonse lili ndi nthawi yake.

Pano pakuoneka khalidwe la makalata ambiri a boma. Chigamulo chimakhala pamwamba, ufulu wa wolandira ndi nthawi yake zimakhala pansi kapena kuseri kwa pepala, nthawi zina m'malemba aang'ono. Wojambula amene wayandikitsa foni kuti agwire "nkhani yeniyeni" amadula mbali imene imamuuza chochita. Chifukwa chake chithunzi chothandiza chimasonyeza ngodya zonse zinayi za pepala, tsamba lililonse pakelo, kutsogolo ndi kuseri. Chimatsagana ndi chithunzi cha envulopu kapena risiti yosonyeza tsiku lolandirira, popeza nthawi zambiri kuwerenga masiku kumayambira pamenepo.

Kuwerenga kumayambira pati

Lachiwiri pa 22 Epulo, maofesi atatsegulidwa pambuyo pa tchuthi, bamboyo anapita ku ofesi ina yothandiza anthu obwera pa nkhani za malamulo. Ulendo uno anapita ndi funso lakelake: "Tsiku lomaliza ndi liti?" Mlangizi asanayankhe anafunsa kuti kalatayo anailandira liti, ndiponso ngati pali umboni wake.

Funso la mlangizili linali ndi chifukwa. Kalata imodzi imatha kukhala ndi madeti angapo: tsiku limene inalembedwa, tsiku limene inatumizidwa, ndi tsiku limene inafika m'manja mwa mwini wake. Lamulo lililonse limasankha limodzi mwa masiku amenewa kukhala poyambira. Kalata ya bamboyu inalembedwa pa 27 Malichi. Munthu wowerenga masiku 10 ogwira ntchito kuchokera pamenepo akanafika pa 10 Epulo, n'kuganiza kuti nthawi inatha kalata isanatengedwe n'komwe. Munthu wotero amataya mtima n'kusiya ufulu umene akadali nawo. Koma lamuloli limawerenga kuchokera pa kulandira, ndipo bamboyu analandira pa 14 Epulo, tsiku limene anasayina ku ofesi.

Si makalata onse amene amatero. Pali ena amene nthawi yake imayamba pa tsiku la chochitika, monga tsiku limene munthu wachotsedwa ntchito, ngakhale mwini wake atachedwa kumvetsa zimene zachitika. Pali enanso amene amaonedwa kuti alandiridwa pamene aperekedwa kwa munthu wina pakhomo. Ndiye chifukwa chake munthu asangoganiza kuti nthawi iyamba tsiku limene watsegula envulopu kapena tsiku limene wapeza womumasulira. Ayenera kufunsa poyambira, ndipo alembe deti yolandirira pa envulopu tsiku lomwelo.

Masiku ake ndi ati

Poyambira pakadziwika, funso lotsatira ndi mtundu wa masiku. Pali masiku a pakalendala, amene amawerengedwa motsatizana osadumpha Loweruka, Lamulungu kapena tchuthi. Palinso masiku ogwira ntchito, amene amadumpha onsewa. Makhothi ali ndi masiku a khothi, amenenso amadumpha Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma. Nambala ikhoza kukhala yomweyo, 10, koma tsiku lomaliza n'kusiyana ndi sabata yathunthu.

Kawerengedwe kozolowereka m'malamulo a ku South Africa ndi kakuti tsiku loyamba limasiyidwa ndipo lomaliza limawerengedwa. Mlangizi anatenga kalendala nawerenga ndi bamboyo. Lolemba pa 14 analisiya. Pa 15, 16 ndi 17 Epulo panakhala tsiku loyamba, lachiwiri ndi lachitatu. Pa 18 linali Lachisanu Loyera, pa 19 ndi 20 kumapeto kwa sabata, ndipo Lolemba pa 21 linali tchuthi chotsatira Pasaka chimene kumeneko amati ndi tsiku la mabanja. Kuyambira pa 22 mpaka pa 25 anawerenga masiku anayi, kufika pa tsiku lachisanu ndi chiwiri.

Sabata yotsatira inalinso ndi matchuthi awiri. Tsiku la ufulu wa dzikolo, 27 Epulo, linagwa Lamulungu, ndipo lamulo la kumeneko limati zikatero Lolemba lotsatira limakhala tchuthi, choncho pa 28 sanawerenge. Pa 29 ndi pa 30 panakhala tsiku lachisanu ndi chitatu ndi lachisanu ndi chinayi. Pa 1 Meyi linali tsiku la ogwira ntchito. Tsiku lakhumi linagwa Lachisanu pa 2 Meyi.

Motero kalata imodzi inali ndi mayankho atatu otheka: 10 Epulo kwa wowerenga kuchokera pa deti ya kalata, 24 Epulo kwa wowerenga masiku a pakalendala kuchokera pa kulandira, ndi 2 Meyi kwa wowerenga monga lamulo likunenera. Komabe mlangizi sanauze bamboyo kuti adikire pa 2 Meyi. Anamuuza kuti alembe pa 29 Epulo ngati tsiku lake lomaliza. Chifukwa chake ndi chakuti wolandira mapepala akhoza kuwerenga tsiku lolandirira ngati loyamba, zimene zikanabweza malire kufika pa 30 Epulo, ndiponso makompyuta ndi mizere ya anthu sizilonjeza kanthu pa tsiku lomaliza. Pamene pali mawerengedwe awiri, wanzeru amatsata limene latha msanga.

Chofunika kuchitika nthawi isanathe

Kudziwa tsiku si kokwanira ngati munthu sakudziwa chimene chiyenera kukhala chitachitika pofika tsikulo. Ambiri amaganiza kuti kuimba foni, kulemba uthenga kwa loya, kapena kuyamba kudzaza fomu ndiye kuti akwaniritsa. Sizili choncho. Nthawi imaima pamene pepala loyenera lafika ku ofesi yoyenera m'njira imene ofesiyo imavomereza, ndipo pali umboni wake.

Kwa bamboyu, njira inali ndi masitepe angapo. Anayenera kudzaza fomu ya apilo pa intaneti, kulipira ndalama ya ntchito ya ofesi yolandira mapepala, kusungitsa tsiku lokaonekera, ndi kukapereka mapepalawo. Pa mapepalawo panafunika kalata yake yofotokoza chifukwa chimene chigamulo chiyenera kuunikidwanso, kope la kalata yokana, kope la pasipoti, ndi umboni woyankha chifukwa chenicheni chimene anamukanira, ndiwo kontrakiti yosayinidwa ndi mbali zonse ziwiri. Apilo yabwino siichonderera za ana ndi njala ya kumudzi. Imatenga chifukwa cholembedwa m'kalata n'kuchiyankha mwachindunji.

Sitepe iliyonse imadya masiku ake, ndipo apa mpamene kuwerenga chobwerera m'mbuyo kumathandiza. Ngati mapepala ayenera kuperekedwa pa 29, tsiku lokaonekera liyenera kusungitsidwa sabata yapitayo. Ngati kontrakiti ili ku ofesi ya abwana, iyenera kupemphedwa lero. Bamboyo anapita kwa mwini galaja Lachitatu pa 23. Sananene kuti, "Mukapeza mpata mundithandize," monga akanachitira kale. Anati, "Bwana, ndikufuna kontrakiti yosayina pofika Lachisanu, chifukwa Lachiwiri ndikaipereke." Pempho lokhala ndi deti limayenda mofulumira kuposa lopanda deti. Ndalama anabwereka kwa anzake a m'gulu lawo lothandizana, osadikira malipiro.

Lachiwiri pa 29 Epulo, tsiku lachisanu ndi chitatu, anapereka apilo yake nalandira risiti yokhala ndi nambala yolondolera. Risitiyo anaijambula yonse, ngodya zinayi, naitumiza kwa mchemwali wake kuti asunge. Yankho la apilo limatha kutenga miyezi, ndipo palibe amene angalonjeze kuti lidzakhala lokomera wodandaula. Chimene bamboyu anapeza ndi chakuti mlandu wake unalowa pakhomo lisanatsekedwe. Akanatsatira ganizo lake loyamba, loyamba kuganizira nkhaniyi malipiro atalowa, akanatsala ndi tsiku limodzi kapena awiri oti achite zonsezi.

Deti yachiwiri yobisika

Mlangizi anamukumbutsanso za deti ina imene siinalembedwe m'kalata, ndiyo tsiku lotha pemiti yakale. Kupereka apilo si kulandira pemiti yatsopano. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito mu Meyi 2014 amati munthu wotuluka m'dzikolo chiphaso chake chitatha amalembedwa kuti ndi wosafunika. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kubwerera kwa miyezi 12, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Nthawi ndi nthawi dipatimenti imalengeza zofewetsa za kanthawi kwa anthu amene akudikira mayankho, koma zimenezi zimakhala ndi malire ake ndi tsiku lake lothera.

Tanthauzo lake kwa munthu ngati makaniko uja ndi lakuti asakwere basi yopita kumudzi, ngakhale pa maliro, asanafunse kuti zinthu zili bwanji pa tsikulo kwa munthu wonyamula risiti ya apilo. Malamulo omwewo amafunanso kuti pempho lowonjezera pemiti liperekedwe kutatsala masiku osachepera 60 kuti yakale ithe. Ili ndi tsiku lomaliza limene palibe kalata imene imabwera kudzakumbutsa. Mwini pasipoti amaliwerenga yekha.

Makalata ena awiri amene amafika kawirikawiri

Phunziro la bamboyu limagwiranso ntchito pa makalata ena, koma manambala ndi mtundu wa masiku zimasintha. Chitsanzo choyamba ndi kalata yochotsa munthu ntchito. Wogwira ntchito amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo amakadandaula ku bungwe la CCMA, lomwe limayanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya pantchito popanda kulipiritsa wodandaula. Nthawi yake ndi masiku 30 kuchokera pa tsiku lochotsedwa, kapena pa tsiku limene bwana wapereka chigamulo chomaliza ngati panali apilo ya pakampani. Kalata ya bwana nthawi zambiri sitchula n'komwe za masiku amenewa. Fomu yodandaulira imadziwika ndi nambala 7.11, ndipo kope lake liyenera kuperekedwanso kwa bwana, umboni wake n'kusungidwa. Mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, khothi la zantchito linagamula kuti mlendo amene pemiti yake siili bwino amaonedwabe ngati wogwira ntchito ndipo CCMA ikhoza kumva dandaulo lake.

Masiku 30 amenewa ndi a pakalendala. Munthu wochotsedwa ntchito pa 14 Epulo yemweyo akanakhala ndi malire pa 14 Meyi, matchuthi onse a Pasaka atawerengedwa. Wozolowera kudumpha Loweruka ndi Lamulungu akanachedwa ndi pafupifupi masabata awiri. Palinso msampha wina kwa wofunsa m'bale wa kumudzi. Pa 14 Meyi ku Malawi ndi tchuthi chokumbukira Kamuzu Banda, ndipo m'bale woyang'ana kalendala ya pakhoma lake akhoza kunena kuti maofesi ndi otseka, tsiku lasunthira mawa. Ku South Africa ndi tsiku wamba la ntchito. Kalendala yowerengera ndi ya dziko limene kalata yachokera.

Chitsanzo chachiwiri ndi chisamani cha ngongole chochokera ku khothi la majisitireti, monga cha lendi kapena katundu wotenga pa ngongole. Chimaperekedwa ndi sherifi, ndipo wosumiridwa amakhala ndi masiku 10 a khothi oti apereke chidziwitso chakuti adziteteza. Sherifi akapanda kumupeza, akhoza kusiya chisamanicho kwa munthu wina wa pakhomopo wooneka kuti ali ndi zaka zosachepera 16. Kwa anthu okhala ambiri m'nyumba imodzi ya lendi, pepalalo limatha kugona pawindo sabata yonse mwini wake asanalione, nthawi ikuyenda. Ikatha osayankha, wosumira amapempha khothi kuti ligamule popanda kumva mbali inayo, ndipo zotsatira zake zimatha kukhala kulandidwa katundu kapena kudulidwa malipiro.

Nthawi ikapitirira

Kuchedwa si nthawi zonse kumatseka njira, koma kumasandutsa ufulu kukhala pempho. Ku CCMA, wochedwa amapereka dandaulo lake limodzi ndi pempho loti akhululukidwe kuchedwako. Woweruza amayang'ana kutalika kwa kuchedwa, chifukwa chake, mphamvu ya mlandu weniweniwo, ndi mmene mbali iliyonse ingavutikire. Wochedwa ndi masiku anayi chifukwa anagonekedwa m'chipatala, ndipo ali ndi kalata ya dokotala, ali pabwino kuposa wochedwa ndi miyezi inayi amene akungoti sankadziwa. Ku khothi la majisitireti, amene wagamulidwa asanamvedwe akhoza kupempha kuti chigamulocho chifafanizidwe, pasanathe masiku 20 a khothi kuchokera pamene wachidziwa, ndipo ayenera kufotokoza chifukwa chimene sanayankhire komanso chodzitetezera chake.

Pa zonsezi pali mfundo imodzi yofanana. Wozindikira kuti wachedwa ayenera kuchitapo kanthu tsiku lomwelo, chifukwa tsiku lililonse lowonjezera lidzafuna kufotokozedwa. Manyazi ndi mantha ndiwo amachititsa ambiri kubisa kalata mpaka chilema chitakula. Thandizo laulere kapena lotsika mtengo lilipo kudzera ku mabungwe monga Legal Aid South Africa ndi Lawyers for Human Rights, ku Scalabrini Centre mumzinda wa Cape Town, ndi ku zipatala za malamulo za m'mayunivesite, kumene ophunzira amathandiza anthu moyang'aniridwa ndi maloya.

Kusiyanitsa nthawi yeniyeni ndi yoopseza

Akuba nawonso amadziwa mphamvu ya tsiku lomaliza. Uthenga wabodza umakonda kupereka maola ochepa, kuopseza kumangidwa kapena kuthamangitsidwa m'dziko, ndi kulamula kuti ndalama itumizidwe ku akaunti ya munthu kapena pa nambala ya foni. Kalata yeniyeni imakhala ndi nambala ya fayilo, imatchula lamulo limene yatsamira, imapereka zifukwa, ndipo imanena kumene wosakhutira angadandaule. Pokayika, munthu atsimikize pofunsa ku ofesiyo kudzera pa nambala kapena adiresi imene waipeza payekha, osati yolembedwa mu uthenga wokayikitsawo.

Chithunzi cha kalata nachonso chimafuna kusamala. Chimakhala ndi dzina lonse, nambala ya pasipoti, tsiku lobadwa ndi adiresi. Kuchiponya m'gulu la anthu mazana pa WhatsApp kumabweretsa malangizo otsutsana, komanso kumaitana anthu odzitcha maejenti amene amalonjeza kukonza mapepala pa ndalama. Ndi bwino kuchitumiza kwa munthu mmodzi kapena awiri odalirika, ndipo kalata yeniyeniyo isachoke m'manja mwa mwini wake. Ofesi ikafuna, ipatsidwe kope.

Udindo wa womasulira

Mbali ina ya phunziroli ikukhudza amene amalandira chithunzi kumudzi kapena kuntchito. Womasulira wabwino asanayankhe amaona ngati pepala laoneka lonse, ndipo ngati ladulidwa amapempha chithunzi china. Amafunsa ngati pali tsamba lachiwiri. Amayang'ana nambala iliyonse yotsatiridwa ndi masiku, masabata kapena miyezi, n'kuinena poyamba, chigamulo chisanafotokozedwe. Ngati sakudziwa kawerengedwe ka dziko limenelo, amapereka deti yoyambirira kwambiri mwa zotheka, n'kuuza m'bale wake kuti akatsimikize kwa odziwa malamulo a kumeneko.

Patapita miyezi ingapo, makaniko uja analandira kalata ina, ya nkhani ya msonkho. Anaijambula masamba onse ndi envulopu yomwe, nalemba deti yolandirira pakona. Uthenga wake kwa mchemwali wake unali wosiyana ndi woyamba uja: "Achemwali, ndailandira lero Lachinayi. Muone ngati muli masiku, akuyambira pati, ndipo akufuna ndichite chiyani."

Mafunso ofunika pa kalata iliyonse ya boma ndi asanu, ndipo amatsatana motere. Kodi tsiku lomaliza ndi liti? Kuwerenga kwayambira pa tsiku liti? Ndi masiku a pakalendala, ogwira ntchito, kapena a khothi? Ndi pepala liti limene liyenera kufika kuti, ndipo m'njira yanji? Nanga chimachitika ndi chiyani nthawiyo ikadutsa? Yankho la funso loyamba liyenera kukhala deti yeniyeni, tsiku ndi mwezi, osati "masiku khumi" kapena "posachedwa". Detiyo ilembedwe pa kalendala ndi mufoni, itabwezedwa m'mbuyo ndi masiku awiri kapena atatu, ndipo risiti kapena chidindo chosonyeza kuti mapepala alandiridwa chisungidwe pamodzi ndi kalatayo mpaka nkhani itatha.